Zotsatira za ndalama ya tenti ya ukwati wa mchemwali wanga

Funso langa linali lakuti: "Tinapereka K300,000 ngati dipoziti ya matenti awiri ndi mipando 200, koma patsiku la ukwati kuno ku Mzuzu kunabwera mipando yokha. Kodi ndalamayi tingaipeze bwanji?"

Zikomo nonse amene munandilangiza. Chimene chinathandiza kwambiri ndi umboni, chifukwa tinalibe pangano lolembedwa. Ndinasindikiza uthenga wa Airtel Money wosonyeza tsiku, ndalama ndi nambala yolandira, mauthenga a WhatsApp amene mwini bizinesiyo anavomereramo matenti awiriwo, komanso lisiti ya K180,000 imene tinalipira kwa munthu wina mmawa womwewo kuti alendo asanyowe ndi mvula.

Kenaka ndinawalembera kalata yowapatsa masiku 14, ndipo ndinanenamo kuti akapanda kubweza, nkhaniyi ipita ku khoti la majisitireti ndi ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a ogula. Anasayina pa kope langa pamaso pa wapampando wa komiti ya ukwati.

Poyamba anaumirira kuti dipoziti sibwezedwa. Mawu amenewo amagwira ntchito ngati wogula ndiye wasintha maganizo, osati pamene wogulitsa walephera kubweretsa katundu. Komabe sindinafunse ndalama yonse, popeza mipandoyo tinaigwiritsadi ntchito: tinachotsera K80,000, ndipo anavomera molemba kubweza K220,000 m'magawo awiri. Gawo loyamba lalowa kale. Lachiwiri likapanda kufika kumapeto kwa mwezi uno, chikalata chimenecho ndicho ndikapereke kukhoti.