Eyakoni ikukana kutenthetsa, akuti ndi valavu: ndilipire kapena ndikuberedwa?

Nachisale: Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi kasaluni kuno ku Joni, ndipo muli eyakoni ya pakhoma ija imaziziritsa komanso kutenthetsa. Chilimwe chonse imagwira bwino. Pano June wafika, ndikaika pa HEAT, 28, chimakina chapanja chimalira ndithu koma mkati mumangotuluka kamphepo kozizira, mwinanso fani imangoima. Makasitomala akuthawa ndi tsitsi lonyowa. Wokonza anabwera dzulo, anangogwira paipi imodzi n'kunena kuti valavu yotembenuza gasi yakakamira, tisinthe. Mphindi zisanu sizinakwane. Kodi amadziwa chonchi basi?

Bambo a Tadala: Gasi watha ameneyo mayi. Yanga inatero, anathira gasi, nkhani inathera pompo.

Kamtedza: Mwaonetsetsa rimoti? Pakhale kachizindikiro ka dzuwa. Komanso dikirani, zimatenga mphindi zitatu kapena kupitirira zisanayambe.

Nachisale: Dzuwalo lilipo achimwene, ndipo chaka chatha imatenthetsa. Ndinadikira theka la ola.

Gama wa Mafiriji: Chemwali, ntchito yanga ndi yomweyi. Mnzangayo mwina walasa, koma wafulumira. Mu chimakina chapanjacho muli valavu ya mapaipi anayi, imodzi mbali ino, atatu mbali inayo. Mkati mwake muli kachitseko kotsetsereka kamene kamasankha kumene gasi wotentha wochokera ku kompulesa apite: panja mukafuna kuzizira, m'nyumba mukafuna kufunda. Kakakakamira mbali yoziziritsa, zimachitika zomwe mukunenazi. Yesani nokha: ili pa HEAT, khudzani paipi yaikulu yolowa m'chimakina chapanja. Imayenera kutentha. Ngati ikuzizira n'kumachita thukuta, ndipo fani yapanja ikuuzira mpweya wofunda, ndiye kuti makina sanatembenuke. Chivundikiro musatsegule, muli magetsi.

Nachisale: Ndakhudza. Yazizira ngati botolo la m'firiji. Ndiye wanena zoona?

Gama wa Mafiriji: Apo tangodziwa kuti sinatembenuke, chifukwa chake sitinachipeze. Pavalavupo pali kakoyilo ka magetsi. Pa ma eyakoni ambiri a pakhoma kamalandira mavoti ngati 230 mukaika pa HEAT. Ayeze ndi mita. Ngati mavoti sakufika, vuto ndi waya kapena bolodi, valavu ilibe mlandu. Ngati akufika, azimitse magetsi, ayeze koyiloyo ngati waya wake sanaduke mkati. Koyilo yopsa imamasulidwa ndi kasikulu kamodzi, gasi osamukhudza n'komwe, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kusintha valavu yonse. Ine ndimachotsa koyilo n'kuvekapo maginito makina akuyenda. Ukamva kuti tha! kenako gasi fooo, paipi n'kuyamba kutentha, valavu ili moyo.

Kenako mageji oyezera mphamvu ya gasi. Koyilo sikankha kachitseko kaja, imangotsegula kanjira kakang'ono, chokankha ndi mphamvu ya gasi. Ndiye a Bambo a Tadala sananame kwenikweni: gasi akachepa kwambiri kapena kompulesa ikafooka, valavu yabwinobwino imakana kusuntha. Koma yanu paipi ikuzizira chonchi, ndikukayika ngati ndi gasi. Zonsezi zikapezeka zili bwino koma osatembenuka, ndi pamene timati yakakamira.

Mjomba Yusufu: Ingomenyani ndi sipanala, imamasuka. Ine ndinatero.

Gama wa Mafiriji: Mjomba, kugogoda pang'ono ndi chigwiriro cha pulasitiki uku ukusinthasintha HEAT ndi COOL timachita, nthawi zina imamasukadi. Koma sipanala ayi. Thupi lake ndi la mkuwa wopyapyala, likafinyika kachitseko kafera pomwepo.

Mayi Phiri ku Leeds: Yathu kuno m'nyengo yozizira imasiya kutenthetsa kwa kanthawi, panja n'kumatuluka nthunzi ngati ikupsa. Ndi matenda omwewa?

Kamtedza: Ayi mayi, imeneyo ikusungunula ayezi, imatembenuka dala kenako n'kubwerera. Mukaona chapanja chaundana ayezi osasungunuka, pamenepo ndiye mudandaule.

Mainjiniya Wamng'ono: A Gama, nanga ikakakamira pakati? Ine ndinasinthitsa munthu kompulesa, vuto osatha, manyazi ake ndikadali nawo.

Gama wa Mafiriji: Imeneyo ndi yopusitsa. Gasi wotentha amangodutsa n'kubwerera ku kompulesa, geji ya mbali ya mphamvu yotsika imakwera, ya mbali yokwera imatsika, ndendende kompulesa yotopa. Kusiyanitsa kwake ndi kuyeza kutentha kwa mapaipi. Mwa atatu aja, yapakati ndi yobwerera ku kompulesa. Iyerekeze ndi yoyandikana nayo imene ikubweretsa gasi wozizira, uyezere patali pang'ono ndi thupi la valavu. Yapakati ikaposa inzake ndi madigiri opitirira awiri kapena atatu, valavu ikudontha mkati. Ikakhala pakatikati penipeni, onse anayi amatentha.

Bambo a Tadala: Ine ndikadali pa gasi. Muona.

Nachisale: Ndamuimbira, ndamufunsa za koyilo ndi mavoti. Wakhala chete kaye, kenako akuti abwera Loweruka ndi mita. Akapezadi kuti ndi valavu, ndisinthe kapena ndingogula hita mpaka August?

Gama wa Mafiriji: Zitengera msinkhu wa makinawo. Kusintha kumafuna kupopa gasi yense, kuwotcherera atakulunga valavu yatsopano ndi nsanza yonyowa kuti zamkati zisasungunuke, kukoka vakyumu kuti mpweya ndi chinyezi zituluke m'mapaipi, n'kuthira gasi pa sikelo molingana ndi zolembedwa pachikwangwani cha makina. Mundiuze ili ndi zaka zingati, komanso ngati mtundu wa gasi walembedwa R22, R410A kapena R32.