Bondi ya 1,000,000 yogulitsidwa pa 950,263: kodi nkoyenera kuigula?

Mayi Nyirenda: Ndikupempha maganizo anu. Kampani ina ikufuna kubwereka ndalama pogulitsa bondi ya zaka zitatu, imene pa chikalata chake alembapo 1,000,000 ndi chiwongoladzanja cha 8 peresenti cholipidwa kamodzi pachaka, koma mtengo wogulira ndi 950,263. Ine ndikuona ngati 49,737 yochotsedwayo ndi phindu lapadera, komabe ndikufuna kudziwa ngati sindikudzinamiza.

Bambo Chisale: Mayi, ine sindingaigule. Palibe amene amatsitsa mtengo wa chinthu chimene anthu akuchilimbirana, choncho kampaniyo iyenera kuti ili pa mavuto a ndalama.

Mayi Kalua: A Chisale, nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kutsika kwa mtengo pakokha si umboni wa mavuto. Ngati obwereketsa ndalama akufuna 10 peresenti pa ngongole za mtundu umenewu, ndipo chikalata chikulonjeza 8 peresenti yokha, palibe amene angapereke 1,000,000 yonse. Mtengo umatsika mpaka pamene zolandira zonse zikupereka 10 peresenti, ndipo pamenepo ndi pa 950,263. Choncho, Mayi Nyirenda, 49,737 ija si mphatso ayi, ndi gawo la chiwongoladzanja chanu limene mudzalandire kumapeto. M'mabuku a kampaniyo zimayenda motere:

| Chaka | Ngongole poyamba | Chiwongoladzanja chenicheni | Ndalama yolipidwa | Chowonjezera pa ngongole | Ngongole pomaliza |
|---|---|---|---|---|---|
| 1 | 950,263 | 95,026 | 80,000 | 15,026 | 965,289 |
| 2 | 965,289 | 96,529 | 80,000 | 16,529 | 981,818 |
| 3 | 981,818 | 98,182 | 80,000 | 18,182 | 1,000,000 |

Chaka chilichonse timatenga 10 peresenti ya ngongole imene ili m'mabuku poyamba pa chakacho, osati ya 1,000,000. Zimene zatsala tikachotsa 80,000 yolipidwayo zimawonjezeredwa pa ngongole, ndipo nchifukwa chake chiwongoladzanja chikukwera chaka ndi chaka ngakhale kuti ndalama yotuluka sikusintha.

Bambo Mwale: Ndiye kuti Mayi Nyirenda azilandira 95,026 chaka choyamba? Ngati zili choncho, agule lero lomwe.

Mayi Kalua: Ayi, a Mwale, m'manja mwawo mudzalowa 80,000 yokha. Pa mapeto a chaka choyamba kampani imalemba debiti ya 95,026 pa akaunti ya chiwongoladzanja, kirediti ya 80,000 pa akaunti ya ndalama, ndi kirediti ya 15,026 pa akaunti ya disikaunti ya bondiyo, imene ndi 49,737 yochotsedwa ija. Wogula amalemba zofanana koma mozondoka: phindu la 95,026, pamene 15,026 yake ikungokweza mtengo wa bondi m'mabuku ake. Munthu amene akudalira ndalama ya chaka ndi chaka pa zosowa zake ayenera kuwerengera 80,000.

Bambo Gondwe: Ine ndinalakwitsa pamenepa pamene ndinkasunga mabuku a kampani ina. Ndinagawa disikaunti mofanana pa zaka zonse, zimene pa bondi iyi zikanakhala 16,579 pachaka, ndipo ofufuza mabuku anandibwezera ntchito yonse chifukwa malamulo a kasungidwe ka mabuku a chuma otchedwa IFRS 9 amafuna kuti tigwiritse ntchito chiwongoladzanja chenicheni. Kuyambira pamenepo ndimayang'ana mzere womaliza wa tebulo: ukapanda kuthera pa 1,000,000, kupatula kusiyana kwakung'ono kobwera ndi kuzunguliza manambala, ndiye kuti peresenti kapena mtengo wogulira walakwika.

Mayi Nyirenda: Zikomo kwambiri, ndamva. Pali zina ziwiri zimene sindinanene. Wondigulitsayo akufuna ndalama ya ntchito yake, moti zonse pamodzi ndilipira 960,000, ndipo mwina ndidzafuna kuigulitsa bondiyo pakatha chaka chimodzi.

Mayi Kalua: Zimenezi zikusintha nkhani. Lembani izi mu Excel pa kompyuta:

```
=RATE(3,80000,-960000,1000000)
```

Mupeza pafupifupi 9.6 peresenti, ndipo imeneyi ndiyo muyerekeze ndi kwina kumene mungaike ndalama yanu, osati 10. Chachiwiricho ndi chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri. Tebulo lija limangonena mtengo wa m'mabuku, silinena mtengo umene wogula wina adzakupatseni. Ngati pakatha chaka obwereketsa adzakhale akufuna 12 peresenti, bondi yanu idzagulidwa pafupifupi 932,398 pamene tebulo likunena 965,289. Chiwongoladzanja chikatsika mudzapindula, koma palibe amene angakulonjezeni zimenezo.

Bambo Chisale: Masamuwo ndikuwavomereza, koma funso langa lidakalipo. Ndalama yaikulu yonse, pamodzi ndi 49,737 ija, ikudikira tsiku lomaliza la chaka chachitatu, ndipo tebulo limangoganiza kuti kampaniyo idzalipira. Kodi mabondi a boma a zaka zitatu akupereka peresenti yanji? Ngati akupereka pafupi ndi 9.6, sindikuona chifukwa chobwereketsera kampani.

Mayi Nyirenda: Zimenezo sindinafunse. Ndifunsa mawa, ndipo ndipemphanso malipoti a chuma a kampaniyo a zaka zitatu zapitazi ndisanayankhe wondigulitsayo.