Zikomo: nseru ya pathupi pongoyamba yachepa

Masabata atatu apitawo ndinafunsa kuti: "Ndili ndi pathupi pa masabata 8, koma nseru ikundigwira madzulo ndi usiku, osati m'mawa monga amanenera anthu. Kodi pali vuto?"

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha, makamaka mayi amene anandilangiza kufunsa ku sikelo ya amayi oyembekezera. Anamwino anandifotokozera kuti mahomoni a pathupi amakhala okwera m'magazi usana ndi usiku, ndipo ena amachititsa kuti chakudya chizichedwa kuchoka m'mimba, choncho nseru ilibe ola lake. Njala, kutopa ndi fungo ndizo zimaidzutsa.

Kwa ine vuto linali njala. Ndinkadya nsima masana n'kukhala osalawa kanthu mpaka usiku, ndipo fungo la anyezi wokazinga linkandithamangitsa kukhitchini. Tsopano ndimadya pang'onopang'ono maola awiri kapena atatu alionse, kaya nthochi kapena mbatata yophika, ndipo ndimasiya mabisiketi pafupi ndi bedi kuti ndidye ndisanadzuke. Madzi ndimamwa pang'onopang'ono pakati pa zakudya, chifukwa kumwa kapu yonse nthawi imodzi kunkandisanzitsa. Tiyi wa jinja anandithandizanso, ngakhale kuti si masiku onse. Mapiritsi oonjezera magazi sindinasiye, koma anamwino anandiuza kuti ndizimwa pogona nditadya.

Nseru sinatheretu, koma kusanza kwachepa kwambiri, ndipo kwa amayi ambiri imazilala pakati pa masabata 12 ndi 16. Mukamasanza chilichonse ngakhale madzi kwa tsiku lathunthu, mkodzo n'kukhala wochepa ndi woderapo, kapena mukamamva chizungulire poimirira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.