Ndithandizeni: kalata yopempha majisitireti akweze ndalama zosamalira ana

Abale anga, ndikufuna nzeru kwa amene munadutsamo kale mu nkhani za kukhothi. Mu 2022 khothi linalamula bambo a ana anga awiri kuti azipereka K40,000 pamwezi. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito yaulonda. Pano anakwezedwa, ndi oyang'anira alonda anzawo, ndipo anagula njinga yamoto yomwe ikuchita kabaza. Ndalama ndi yomwe ija, chonsecho wamkulu walowa Fomu 1.

Ndayamba kulemba kalata yopita kwa a majisitireti. Pamwamba ndaika nambala ya mlandu ndi tsiku la chigamulo, kenako zimene ndimawononga pamwezi: fizi, chakudya, lendi ndi mankhwala a wamng'ono yemwe amadwala mphumu. Malisiti ndili nawo.

Pomwe pandivuta ndi pa umboni wa malipiro awo. Za kukwezedwako ndinamva kwa mlamu wanga, pepala la malipiro ndilibe, ndipo eniake sangandipatse. Kodi ndingapemphe m'kalatamo kuti khothi liwalamule abweretse pepalalo, kapena liitanitse kwa abwana awo? Nanga za kabaza, zopanda malisiti, munthu amazitsimikiza bwanji?

Chinanso, kalata yokha imakwana, kapena kalaliki wa khothi adzafuna chikalata cholumbirira kuti bambowo apatsidwe samani? Ndipo nditchule ndalama yeniyeni, monga K90,000, kapena ndisiyire khothi? Anakwatiranso ndipo ali ndi khanda, ndikudziwa kuti adzanamizira zomwezo.