Za chithunzi cha botolo la mankhwala zija

Sabata yatha ndinafunsa kuti: "Ndingasandutse bwanji chithunzi cha pepala la pa botolo la mankhwala kukhala mawu oti ndiwatumizire amayi ku Chirimba? Maso awo saona tizilembo ting'onoting'ono."

Ndinayesa njira ija munandiuza, yojambula botolo kenako pulogalamu ya pafoni n'kuwerenga zilembozo. Ndili mkati mwa nyumba ku Ndirande sizinatheke, fulashi imanyezimira papepala. Nditatuluka pakhonde n'kuzimitsa fulashi, zosindikizidwa zinatuluka bwino: parasetamolo wa madzi, 120 mg/5 ml.

Vuto linali pa zimene a kufamase analemba ndi bolopeni. Foni inawerenga 75 ml. Mtima unagunda, chifukwa botolo lonse ndi 100 ml basi. Nditakulitsa chithunzicho ndinaona kakadontho kofufutika pakati pa 7 ndi 5, pomwe mankhwala anadonthera. Kadontho kameneko ndi kamene kamasiyanitsa 180 mg ndi 1,800 mg, kuchulukitsa kakhumi, kwa Junior, mwana wolemera makilogalamu 12!

Sindinakonze ndekha, ngakhale ndinkaganiza kuti ndi 7.5. Ndinalemba 7[?]5 ml, pansi pake n'kuwonjezera kuti, "Amayi, musam'mwetse Junior mpaka nditafunsa." Manambala enawo ndinawafananitsa limodzilimodzi ndi botolo lenilenilo, osati chithunzi, makamaka 1 ndi 7 omwe amafanana akalembedwa pamanja.

Masana ndinabwerera nalo kufamase kuja. Anayang'ana m'buku la kuchipatala la mwanayo, n'kutsimikiza kuti ndi 7.5 ml, ndipo analembanso papepala latsopano.