Balansi ikulowa ku minasi, history ikunama, asayimenti ikufunika Lachisanu

Chisomo wa ku Kamuzu Road: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Atipatsa asayimenti yopanga kapulogalamu kotumizira ndalama pa foni mu Python, menyu yake ngati ya *211# kapena *444#: kutumiza, kuona balansi, kuona history. Fizi anatiuza kuti tiike K200 pa kutumiza kulikonse. Akaunti ili ndi K5,000, ndatumiza K4,900, yadutsa bwinobwino koma balansi ikuonetsa -100. Kenanso ndikalemba nambala yomwe kulibe, ndalama ikuchoka, history ikuti zapita, koma palibe walandira.

```python
def tumiza(a, b, ndalama):
    if balance[a] >= ndalama:
        balance[a] -= ndalama + fee
        history.append((a, b, ndalama))
        balance[b] += ndalama
```

Yamikani: Achemwali, taonani `if` wanuyo. Mukufunsa ngati munthu ali ndi K4,900, koma mzere wotsatira mukumudula K5,100. Ikani `ndalama + fee` pomwepo. Za nambala yolakwikazo, `balance[b]` ikugwa ndi `KeyError` pa mzere womaliza, pomwe mwadula kale ndipo mwalemba kale mu history. Ndikukayikira muli ndi `try` ndi `except: pass` penapake mu menyu, ndi amene akumeza uthengawo.

Chisomo wa ku Kamuzu Road: Ilipodi, ndinaiika kuti pulogalamu isamatsekeke ndikamaonetsa aphunzitsi.

Bambo a Tadala: Musanapite patali, ndalamazo mukuzisunga mu `float` kapena `int`? Lembani `0.1 + 0.2` muone, ikupatsani `0.30000000000000004`. Sungani matambala, K5,000 ikhale 500000, muzigawa ndi 100 pongoonetsa basi.

Yamikani: Akulu, zimenezo n'zoona koma si zimene zamugwetsa. Manambala ake onse ndi athunthu. Chisomo, funsani mafunso onse kaye musanakhudze tambala iliyonse: wolandira alipo? Si yemweyo akutumizayo? Ndalama yaposa ziro? Balansi ikukwana pamodzi ndi fizi? Limodzi likakana, `return` pomwepo. Zonse zikavomera ndiye dulani, onjezani, history ibwere komalizira. Lachitatulo musalidumphe. Panopa nditalemba -2000, `if` wanu avomera, balansi yanga ikwera ndi K1,800, mnzangayo aluza K2,000 ali chigonere.

Madalitso ku Dwangwa: Koma kuti ndalama ifikedi pa foni ya munthu mufunika API ya kampani, ndipo sapereka chisawawa. Muli ndi mapepala a bizinesi?

Chisomo wa ku Kamuzu Road: Ayi achimwene, ndi ya m'kalasi chabe, ndalama zake n'zabodza.

Madalitso ku Dwangwa: Ooh pepani. Ndiye chenjerani ndi fayilo. Ine yanga inkasunga history mu JSON, ndikutsegula ndi `open(..., "w")` nthawi iliyonse. `"w"` amayamba wafufuta zonse kenako n'kulemba. Magetsi anathima pakati, laputopu yanga batire inafa kalekale, pobwera ndinapeza fayilo ya 0 KB. Usiku wake woti mawa ndikaonetse! Ndinakwera minibasi ya ku Nkhotakota ndikulemba makasitomala abodza pamiyendo.

Yamikani: N'chifukwa chake ine ndimakonda `sqlite3`, imabwera kale ndi Python. Kudula, kuonjeza ndi kulemba history muziika mkati mwa `with conn:` m'modzi. China chikagwa, zonse zimabwerera m'mbuyo, sipakhala zoti theka lachitika. Koma ngati aphunzitsi sanafike pa databesi, afunseni kaye, ena amadula mamalikisi.

Bambo a Tadala: Ngakhale mu SQLite momwemo, kolamu ya ndalama ikhale `INTEGER`, osati `REAL`. Tsiku lomwe adzati fizi ikhale peresenti mudzandikumbuka.

Thoko: Ine ndinagwirapo pa kauntala ya ejenti ku Senga Bay. Kasitomala akabwera kudzakangana safunsa za khodi, amafuna nambala ya thiranzakishoni, nthawi, ndi balansi yotsala. History yanuyo ilibe chilichonse mwa zitatuzi, ngakhale fizi mulibe. Munthu aona watumiza K1,000 koma zachoka K1,200, mumuyankha chiyani? Ndipo zokanidwa muzizilembanso, ndi chifukwa chake.

Yamikani: Zokanidwazo ine ndimaziika padera. Zikasakanikirana, wina adzaphatikiza history yonse n'kuwerengera ndalama zomwe sizinayende.

Thoko: Ndiye ntchito ya kolamu ya `status`, yoonetsa ngati zadutsa kapena zakanidwa, n'chiyani?

Yamikani: Anthu amaiwala kusefa, ndaziona. Chisomo, chinanso: K200 ija ikupita kuti? Panopa ikungosowa. Itsegulireni akaunti yakeyake, kenako sindikizani `sum(balance.values())` musanatumize ndi mutatumiza. Manambala awiriwo akasiyana, pena pake pakudontha. Yesani ndi K4,800, iyenera kudutsa n'kusiya ziro, K4,801 ikanidwe.

Bambo a Tadala: Ndipo `sum` ameneyo ndi `float` tsiku lina adzasiyana ndi kachidutswa ka tambala, inu n'kumasaka vuto lomwe kulibe. Matambala, `int`. Ndanena kachitatu.

Madalitso ku Dwangwa: Za PIN palibe wanenapo. Kapena sanaifunse mu asayimentimo?