Maburashi anga akununkha chinyontho komanso akuthothoka

Nabanda: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndithandizeni nzeru. Ndili ndi ntchito yophoda pa ukwati Loweruka ku Matawale, mkwatibwi ndi operekeza ake 6. Maburashi ndinachapa Lachiwiri madzulo, ndinawaimika m'kapu pawindo, koma lero Lachinayi akadali onyowa m'kati ndipo akununkha ngati thawulo yoiwalika m'beseni. Ya faundeshoni ija ikuthothoka ubweya. Dzulo ndimaphoda kasitomala, ndinachita kutola tiubweya patsaya pake, manyazi ake osanena. Siponji nayonso yatuluka timadontho takuda. Ndalakwitsa pati?

Nachisale: Ndi chiperonichi asisi. Juni wa kuno ku Zomba ngakhale zovala sizikuuma, phiri lonse nkhungu yokhayokha. Ine ndimawaviika m'madzi otentha ndi sopo waufa usiku wonse, mawa lake ndikuumitsa ndi dulaya. Amayera mbuu.

Anti a ku Chinamwali: Za nyengo mwanena zoona a Nachisale, koma zinazo ayi, musamuphunzitse mnzanu zimenezo. Nabanda mwanawe, tayang'ana burashi yako. Pakati pa ubweya ndi chogwirira pali kachitsulo, ndipo m'kati mwa kachitsulomo muli guluu amene amagwira ubweya. Ukaimika burashi yonyowa m'kapu, madzi amatsetserekera m'kachitsulomo n'kukhazikika. M'menemo mphepo sifika, ndiye fungo likuchokera mmenemo, ndipo guluu akafewa ubweya umayamba kutuluka umodziumodzi. Madzi otentha, kuviika usiku wonse ndi dulaya zonse zimawononga guluu yemweyo, kungoti mwachangu. Dulaya imapindanso nsonga za ubweya wa pulasitiki, burashi n'kuyamba kukanda nkhope.

Nachisale: Koma anga sanathothokepo anti.

Anti a ku Chinamwali: Tagwedezani kachitsuloko. Ngati kakusewera pa chogwirira, ayamba kale.

Nachisale: Awiri akugwedera ndithu. Ndimaganiza kuti ndi kutchipa kwake.

Mayi a Tadala: Ine ndimaviika mu jiki wosungunula kwa mphindi zingapo ndipo palibe vuto, zipeso ndi maburashi omwe.

Nabanda: Tikunena a kunkhope mayi, osati a tsitsi.

Mayi a Tadala: Pepani, ndinawerenga mothamanga, ndili ndi munthu pamutu. A kunkhope jiki ayi.

Nabanda: Ndiye anti ndichapenso bwanji kuti Loweruka akhale atauma?

Anti a ku Chinamwali: Chapa lero lomwe, usadikire mawa. Madzi akhale ofunda pang'ono, oti ungasambitsire khanda. A pampopi nyengo ino akuzizira kwambiri, sasungunula mafuta a faundeshoni, ndiye sakaniza ndi otentha pang'ono m'jagi. Gwira burashi ubweya utaloza pansi, nyowetsa ubweya wokha, madzi asadutse pakachitsulo. Dontheza shampu ya ana pachikhatho, dontho limodzi kapena awiri, zunguza burashiyo pachikhathopo mofatsa osaikhutiza. Uona thovu likusanduka lofiirira. Tsukuluza, ubwereze mpaka madzi otuluka ayere.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: kunja burashi imaoneka yoyera koma pamtima pake faundeshoni ikadalipo. Tsegula ubweya ndi zala uyang'ane pafupi ndi kachitsulo, kapena finyira pa tishu yoyera. Pakatsala mtundu, bwereza. Maburashi othinana a faundeshoni ndi konsila ine ndimayamba ndi dontho la sopo wamadzi wotsukira mbale chifukwa amadula mafuta, kenako shampu. Koma sopo wa mbaleyo ndi wa ubweya wa pulasitiki wokha. Ubweya weniweni wa nyama, ngati wa maburashi ena ofewa a paudala, umauma n'kukhakhala, umafuna shampu basi. Sopo waufa ndi waukali, savuta kutsalira m'kati, kenako kasitomala akuti nkhope ikuyabwa.

Achimwene a ku Mpondabwino: Ndiwonjezere pa kuumitsa, poti ine ndimaphoda anthu ojambulitsa ndipo ndimachapa kawiri pa sabata. Mukatsukuluza, finyani ubweya m'thawulo youma, osapotokola ngati mukufinya chitenje. Madzi ambiri amathera pamenepo. Kenako konzani ubweya ndi zala ubwerere mmene umakhalira, muwagoneke patebulo ubweya utatulukira kunja kwa m'mphepete kuti mphepo izizungulira mbali zonse. Pindani kathawulo muike pansi pa zogwirira kuti kumutu kutsike pang'ono. Ine ndimawamangirira ndi mphira pa hang'ala, mitu pansi, ndikuyatsa fani magetsi akakhalapo. Ang'onoang'ono a m'maso amauma usiku umodzi. Akuluakulu othinana aja nyengo ino apatseni masiku awiri. Musawaike m'bafa, musawatsekere m'chikwama.

Nabanda: Nanga dzuwa likatuluka mawa ndiwayanike panja?

Achimwene a ku Mpondabwino: Pakhonde pamthunzi pomwe pakupita mphepo. Dzuwa lamphamvu limaswa chogwirira chamtengo, ndipo panja pali fumbi ndi ntchentche.

Anti a ku Chinamwali: Siponji ija itaye mwanawe, usaimvere chisoni. Timadontho takudato ndi chuku, ndipo chimene ukuchiona kunja chili kale m'kati. Unaisunga pati?

Nabanda: M'kajumbo kotseka kaja, m'chikwama. Ndinaichapa koma.

Anti a ku Chinamwali: Ndi chimenecho. Siponji imagwira ntchito yonyowa, ndiye imachapidwa tsiku lomwelo ukagwiritsa ntchito. Inyowetse ifufume, ipake sopo wofewa wosambira, uzifinya ndi chikhatho osati ndi zikhadabo chifukwa imang'ambika. Finya ndi kutsukuluza mpaka thovu lithe. Ine ndinasoka kathumba ndi chidutswa choyera cha neti, ndimaikamo n'kupachika pamsomali. Ikauma imabwerera kukhala yaing'ono ndi yopepuka. Ngati ikadali yofufuma, m'kati muli madzi. Ngakhale yosamalika, ikakwana miyezi 3 isinthe.

Nachisale: Nanga anthu 7 motsatizana, mumachapa pakati? Galimoto ya akwati ili panja ikuimba hutala.

Achimwene a ku Mpondabwino: Zochapa kamodzi pa sabata ndi za munthu amene akudziphoda yekha kunyumba. Ife nkhope ndi zambiri. Pakati pa munthu ndi munthu ndimapukuta burashi pa tishu, ndimaipopera sipiriti yoyera ya 70% ya kufamase, ndikupukutanso, iume kaye ndisanayandikize m'maso mwa munthu. Ya pepo ija imathimbiriritsa ubweya. Komabe sipiriti sichotsa faundeshoni ya m'kati, madzulo ndimachapabe. A faundeshoni ndili nawo 4 kuti ndizisinthanitsa. Wina akabwera ndi diso lofiira kapena chilonda pamlomo, ndimagwiritsa ntchito thonje la pakamtengo n'kutaya.

Anti a ku Chinamwali: Siponji sipopereka sipiriti n'kuyera, imamwa zonse. Munthu mmodzi siponji imodzi. Gula timasiponji totchipa tamakona atatu tija, uike pamtengo wa ntchito.

Nachisale: Anti, makasitomala a ku Chikanda ndi ana asukulu, amanenerera mpaka pansi. Siponji 7 pa ukwati umodzi phindu latha. Ine ndikhala nazo 3, ndizichapa ndi sopo pakati, popeza imagwira ntchito yonyowa kale.

Anti a ku Chinamwali: Mukachapa mpaka madzi ayere, ndi bwino kuposa kusachapa. Koma mukuthamanga kuja simudzafika pamenepo, ndinayesapo. Ine sindingatero.

Nabanda: Ndachapa onse 14, ndawagoneka patebulo la pabalaza, fani ikuzungulira. Ya faundeshoni ija ndaikoka pang'ono, ubweya watuluka chitsa chonse ndipo m'kati mwa kachitsulo muli bii. Ndaitaya pamodzi ndi siponji. Alipo angandibwerekeko imodzi yophwatalala mpaka Lamulungu?

Achimwene a ku Mpondabwino: Ndili nayo youma, yochapa Lolemba. Dutsani mawa isanakwane 10 koloko.